CIFUKWA CAKE BATANI LOKALAMBA LIMALEMBA CILEMBO KAWIRI

Mlembi amene akanikiza batani kamodzi koma naona zilembo ziwiri pa sikirini ya kompyuta, kawirikawiri amayamba wadziimba mlandu yekha. Amaganiza kuti cala cake canjenjemera, kapena kuti wafulumira koposa. Amafufuta cilembo coonjezera napitiriza nchito. Koma tsiku likafika lakuti mau akuti "boma" aturuke "booma" kasanu pa tsamba limodzi, ndipo nthawi zonse cilembo colakwa ciri cimodzimodzi, pamenepo mlandu suli wa cala. Uli wa kaswichi kamene kali pansi pa batani.

Nkhaniyi si ya kukongola kwa kalata cabe. Batani la 0 likadwala nthenda imeneyi, K100 imasanduka K1000 m'buku la ndalama, ndipo colakwaco cingapite patali cisanaoneke. Mau acinsinsi otsegulira kompyuta nawonso amakanidwa, mwini wake osadziwa cifukwa, popeza zilembo zake sizionekera pamene akuzilemba. Mankhwala a vutoli alipo awiri. Ena ndi a pulogalamu imene imasefa zikanikizo zabodza, ena ndi a msuzumire wa mmisiri. Munthu amadziwa mankhwala oyenera akamvetsa cimene cikucitika m'kati mwa batani.

CITSULO CIMANJANJA

Pansi pa batani liri lonse la kiyibodi ya maswichi muli tizitsulo tiwiri. Kena kali cikhalire, kena ndi kopsapsala ngati tsamba ndipo kamapindika. Batani likatsika, katsamba kaja kamamasuka ndi kukagunda kanzake, magetsi nadutsa. Citsanzo codziwika ndi swichi ya Cherry MX, ya kampani ya Cherry ya ku Germany, imene inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1980. Mu mitundu yake yofala, batani limatsika mamilimita 4, ndipo tizitsulo timakomana litatsika pafupifupi mamilimita 2. Pa malo okomanirana anapakapo golide kuti pasacite dzimbiri.

Tsono citsulo cikagunda cinzake sicikhazikika nthawi yomweyo. Cimanjanja monga umacitira mpira wogwera pa simenti: cimagunda, cibwerera, cigundanso, kufikira mphamvu yake itatha. Kunjanja kumeneku kumatha msanga kwambiri, kotero kuti amakuyesa ndi mamilisekondi. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi. Opanga Cherry MX amalonjeza kuti swichi yatsopano imaleka kunjanja asanathe mamilisekondi 5. M'caka ca 2004, katswiri wa ku America, Jack Ganssle, anafalitsa zimene anapeza atayesa maswichi 18 a mitundu yosiyanasiyana. Maswichi 16 mwa iwo ananjanja pafupifupi milisekondi imodzi ndi theka, wocedwetsa pakati pao nafika pa mamilisekondi 6 ndi pang'ono, koma swichi ina yopanda khalidwe inafika pa mamilisekondi 157.

Cala ca munthu sicingamve zimenezi, koma kiyibodi imamva. M'kati mwake muli kacipangizo kamene kali ngati ubongo wake, ndipo nchito ya kaubongo kameneka ndi kufunsa batani liri lonse, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ngati lakanikizidwa kapena ai. Mu makiyibodi ambiri a masiku ano kamafunsa mazanamazana, mwina kufika ka 1,000 pa sekondi. Kakadakhulupirira ciri conse cimene kamva, kunjanja kumodzi kukadalemba zilembo zitatu kapena zinai. Kaamba ka ici, opanga makiyibodi onse a tizitsulo amaikiratu sefa m'pulogalamu ya kaubongo. Lamulo la sefayo ndi lakuti kusintha kuli konse kwa batani kusakhulupiriridwe kufikira patapita kanthawi koikika, kamene kawirikawiri ndi mamilisekondi 5.

Conco kunjanja pa kokha si nthenda. Swichi yatsopano yocokera m'sitolo imanjanja ndithu, koma imatsiriza sefa isanatseguke. Nthenda imayamba pamene kunjanja kwatalika kuposa nthawi ya sefa.

CIMENE UKALAMBA UMACITA

Zinthu zitatu ndizo zimatalikitsa kunjanja. Coyamba ndi kutopa kwa katsamba kacitsulo. Opanga Cherry MX anali kunena kuti swichi imapirira zikanikizo 50 miliyoni, ndipo mitundu ina ya pambuyo pake anaiika pa 100 miliyoni, koma mabatani sakalamba pamodzi. Mu Cinyanja, batani la A limagwira nchito yoposa anzake ambiri, pamene la Q limangokhala. Katsamba kopindika kosalekeza kamafooka, ndipo kakafooka sikakanikizanso kanzake ndi mphamvu yokwanira kukhazika bata msanga.

Caciwiri ndi litsiro pa malo okomanirana. Golide uja ndi wopsapsala kwambiri, ndipo akaperepeseka, citsulo ca pansi pake cimayamba kuda. Fumbi la m'miyezi ya mphepo, mafuta amene ena amapaka m'maswichi kuti afewe, ndi tiyi wa shuga wotayikira pa kiyibodi, zonsezi zimasiya kansalu kosaoneka ndi maso pakati pa tizitsulo. Magetsi a m'kiyibodi ndi ocepa zedi, alibe mphamvu yakubooleza kansaluko. Zotsatira zake n'zakuti tizitsulo tingakhale tagundana, magetsi amadutsa modukizadukiza, makamaka pamene batani likuyenda ndipo tizitsulo tikukhulana.

Cacitatu ciri kunja kwa swichi. Miyendo yake imaocheredwa ndi mtovu pa thabwa la mawaya, kapena imalowa m'timabowo tacitsulo mu makiyibodi amene maswichi ake amazulidwa ndi manja. Mtovu ukang'aluka, kapena kabowo kakakula, swichi yabwinobwino imaonetsa zizindikiro zonse za yokalamba.

Makiyibodi wamba a m'maofesi ali ndi mpangidwe wina. M'malo mwa tizitsulo ali ndi kacipewa ka labala kamene kamakanikiza mapepala awiri a pulasitiki okhala ndi mizere yodutsa magetsi. Nawonso amadwala cimodzimodzi labala akatopa kapena cinyezi cikalowa pakati pa mapepala. Amene alibe vuto la mtundu umenewu ndi maswichi oyendera kuwala kapena maginito, cifukwa mulibe tizitsulo togundana.

CITSANZO CA BATANI LA O

Citsanzo congoyerekeza cingathandize. Mlembi akanikiza batani la O, ndipo nthawi iyamba kuwerengedwa pamene tizitsulo tagundana koyamba. Tinjanja kwa mamilisekondi 4 ndi kukhazikika. Sefa idikira mamilisekondi 5 a bata, ndipo pa milisekondi ya 9 kaubongo kauza kompyuta kuti O wakanikizidwa. Kufikira pamenepa zonse ziri bwino.

Pa milisekondi ya 90 cala ciyamba kunyamuka ndipo magetsi aduka. Pa 95 kaubongo kanena kuti batani lasiyidwa. Koma swichiyi ndi yokalamba. Batani likali kukwera, katsamba kofooka kabwerera ndi kukhudzanso kanzake pa milisekondi ya 102, nikakhala comweco kufikira pa 110. Kukhudzana kwa mamilisekondi 8 kumeneku ndi kotalika kuposa sefa ya 5, motero pa 107 kaubongo kanena ndi mtima woona kuti O wakanikizidwanso. Kompyuta ilibe cifukwa cokanira, ndipo "boma" asanduka "booma".

Tsono ngati nthawi ya sefa ikwezedwa kufika pa mamilisekondi 15, nkhani isintha. Kuduka kwa pa 90 kukhala mamilisekondi 12 okha, osakwana 15, ndipo kaubongo sikakuwerengera. Kwa iko, batani likali pansi. Kuduka kweni kweni ndi kwa pa 110, ndipo pa 125 kanena kuti batani lasiyidwa. Cilembo cituruka cimodzi. Mtengo wake ndi wakuti cilembo coyamba cifika pa milisekondi ya 19 m'malo mwa 9, kucedwa kumene wolemba makalata sangakuzindikire konse.

KUDIKIRA KAPENA KUFULUMIRA

Sefa imene yalongosoledwayi ndi yodikira: siinena kanthu kufikira itaona bata. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndiwo mkhalidwe wake. Palinso sefa yofulumira, imene okonda masewera a pa kompyuta amaifuna. Iyo imanena kusintha nthawi yomweyo pamene kwayamba, kenaka nkutseka makutu kwa nthawi yoikika.

Kusiyana kwa ziwirizi kumaonekera bwino pa batani la O lija. Sefa yofulumira ya mamilisekondi 15 inena pa 90 kuti batani lasiyidwa, nkutseka makutu kufikira pa 105. Potsegula ipeza tizitsulo tikali kukhudzana, popeza tileka pa 110, ndipo ilemba O waciwiri. Nambala ndi imodzimodzi, koma ina yacirikiza, ina yalephera. Sefa yodikira imangofuna nthawi yoposa kuduka kotalika koposa, pamene yofulumira imafuna nthawi yophimba cipwirikiti conse kuyambira pa 90 kufikira pa 110, ndiko kuti yoposa mamilisekondi 20. Yofulumira imanyengekanso ndi kaphokoso ka magetsi ka m'mawaya, cifukwa imakhulupirira cizindikiro coyamba. Kwa swichi yokalamba, yodikira ndiyo yoyenera.

Makiyibodi amene amayendera pulogalamu yaulere ya QMK amalola mwini wake kusintha zonsezi. Nthawi yake yoikidwiratu ndi mamilisekondi 5, ndipo imakwezedwa ndi mzere umodzi m'faelo ya `config.h`:

```
#define DEBOUNCE 15
```

Mtundu wa sefa umasankhidwa m'faelo ya `rules.mk`:

```
DEBOUNCE_TYPE = sym_defer_pk
```

Mzere waciwiriwu uli ndi cifukwa cake. Sefa yoikidwiratu ya QMK, ya dzina lakuti `sym_defer_g`, iri ndi koloko imodzi ya kiyibodi yonse, ndipo batani liri lonse likagwedezeka koloko imayambanso. Pa mamilisekondi 5 zimenezi sizivuta, koma nthawi ikatalika, wolemba mofulumira amapeza kuti mabatani akudikirana. Sefa ya `sym_defer_pk` imapatsa batani liri lonse koloko yakeyake. Akatha kusintha mizereyi, pulogalamu imamangidwanso ndi kulowetsedwa m'kiyibodi.

KUYESA ASANAPEREKE MANKHWALA

Sikuti zilembo zonse zobwereza zimacokera ku swichi. Batani likagwiridwa pansi kwa kanthawi, kompyuta imabwereza cilembo dala, ndipo ndiwo mapangidwe ake. Kiyibodi yopanda waya imene mabatire ake afooka nthawi zina imataya uthenga wakuti batani lasiyidwa, ndipo pamaturuka mzere wautali wa cilembo cimodzi. Kusiyanitsa kwake n'kwapafupi. Nthenda ya swichi imapereka cilembo cimodzi coonjezera, mwina ziwiri, pa batani lomwelo kapena mabatani owerengeka, ndipo imatsata kiyibodi ikalumikizidwa ku kompyuta ina.

Pa kompyuta ya Linux umboni wokwanira umapezeka ndi lamulo lakuti `sudo evtest`, limene limaonetsa nthawi ya cikanikizo ciri conse. Batani la O la m'citsanzo lingaoneke motere:

```
Event: time 1718000000.009000, type 1 (EV_KEY), code 24 (KEY_O), value 1
Event: time 1718000000.095000, type 1 (EV_KEY), code 24 (KEY_O), value 0
Event: time 1718000000.107000, type 1 (EV_KEY), code 24 (KEY_O), value 1
Event: time 1718000000.115000, type 1 (EV_KEY), code 24 (KEY_O), value 0
```

Pamenepa `value 1` ndi kukanikiza, `value 0` ndi kusiya, ndipo kubwereza kwa dala kwa batani logwiridwa kukadaoneka ngati `value 2`. Cofunika kuyang'ana ndi mpata wa pakati pa mzere waciwiri ndi wacitatu, umene uli mamilisekondi 12. Palibe cala cimene cingasiye batani ndi kulikanikizanso m'kanthawi kotere. Ngakhale waluso pa kutaipa amavutika kugunda batani limodzi koposa ka 8 pa sekondi, ndiko kuti mamilisekondi 125 kucokera pa cikanikizo cimodzi kufika pa cinzake. Ngati cala cikhala pansi mamilisekondi 65, mpata wotsala ndi 60.

Woyesa ayenera kulemba mau enieni, osati kungogunda batani lokha, ndipo alembe manambala awiri. Yoyamba ndi mpata wautali koposa wa zikanikizo zabodza. Yaciwiri ndi mpata waufupi koposa pamene iye mwini walemba cilembo kawiri dala. Ngati yoyamba iri 25 ndipo yaciwiri iri 60, nthawi ya sefa iyenera kugwa pakati, pafupi ndi 40.

SEFA YA M'KOMPYUTA

Makiyibodi ambiri, kuphatikizapo a malaputopu, salola kuti pulogalamu ya m'kati mwake isinthidwe. Pamenepo sefa imaikidwa m'kompyuta. Lamulo lake ndi lina pang'ono: batani likasiyidwa, cikanikizo ca batani lomwelo cimene cifika nthawi yoikika isanathe cimatayidwa. Pa Linux ya GNOME, monga Ubuntu, malamulo ake ndi awa:

```
gsettings set org.gnome.desktop.a11y.keyboard bouncekeys-enable true
gsettings set org.gnome.desktop.a11y.keyboard bouncekeys-delay 40
```

Mzere waciwiri suyenera kuiwalika. Sefa imeneyi inapangidwira anthu amene manja ao amanjenjemera, ndipo nthawi yake yoikidwiratu ndi mamilisekondi 300. Kwa wolemba Cinyanja nthawi imeneyi ndi ngozi, cifukwa cinenero ici ciri ndi mau ambiri a zilembo zobwereza. "Zoona" ingasanduke "zona", "kaamba" nkukhala "kamba", ndipo K100 ija, imene poyamba inali kutupa kukhala K1000, tsopano ifwota kukhala K10. Mankhwala opitirira muyeso abala colakwa coipa kuposa nthenda, popeza cilembo coonjezera cimaoneka msanga koma cosowa cimabisala.

Pa Windows sefa yofanana iri pansi pa dzina lakuti Filter Keys, ndipo imayatsidwa mwa kugwira batani la Shift la kudzanja lamanja kwa masekondi 8. Nthawi zimene munthu amapatsidwa kusankha pamenepo nazonso ndi zazitali, monga theka la sekondi. Nthawi yaifupi imalembedwa m'kaundula wa Windows, pa `BounceTime` m'cigawo ca `HKEY_CURRENT_USER\Control Panel\Accessibility\Keyboard Response`, ndipo imeneyi ndi nchito ya munthu wozolowera kaundulayo, popeza colakwa ca mmenemo cingasokoneze kalembedwe konse.

Sefa ya m'kompyuta iri ndi zopereweza ziwiri. Coyamba, imakhala m'kompyuta imeneyo yokha, ndipo kawirikawiri m'dzina la munthu mmodzi. Kiyibodi ikapita ku kompyuta ina imapita ndi nthenda yake, ndipo pa malo olembapo mau acinsinsi poyatsa makina sefayo ingakhale isanayambe nchito. Caciwiri, siingabweze uthenga umene wapita kale. Ngati magetsi aduka pakati cala cikali pansi, kompyuta imalandira uthenga wakuti batani lasiyidwa, ndipo sefa imataya cikanikizo cotsatira. Pa cilembo wamba palibe cotayika. Koma ngati batani lodwala liri Shift, zilembo zazikulu zimadukira pa njira cala cikali kuligwira. Sefa yodikira ya m'kiyibodi iribe vuto limeneli, cifukwa uthenga wabodza siuturutsa n'komwe.

PAMENE SEFA ILEKEZA

Pulogalamu siilimbitsa citsulo cotopa ndipo siicotsa litsiro. Imangobisa zizindikiro, pamene kuperepeseka kukupitirira. Mpata wabodza umene lero uli mamilisekondi 25 ungakhale 35 pakapita miyezi, ndipo mwini kiyibodi adzakweza sefa. Ukafika pa 55 kapena 60, pamene cala cake cimalemba "oo" weniweni, sipadzakhalanso nambala imene ingasiyanitse coona ndi cabodza. Cizindikiro cina ca mapeto ndi pamene batani liyamba kudumpha zilembo, kukanikizidwa osalemba kanthu. Palibe sefa imene ingalembe cilembo cimene swichi sinatumize.

Zisanafike pamenepo, kutsuka kumathandiza ngati coyambitsa ciri litsiro. Kiyibodi imazulidwa ku magetsi, cipewa ca batani nkucotsedwa, ndipo fumbi limauzidwa ndi mphepo. Kenaka madontho awiri kapena atatu a sipiriti ya aisopuropailo, imene okonza mafoni amatsukira zipangizo, amathiridwa m'swichi batani liri lokanikizidwa, nkuligunda kambiri kuti tizitsulo tikhulane. Iyenera kuuma ndithu isanalumikizidwenso. Mafuta a makina osokera kapena a njinga asayandikire, cifukwa ndiwo amasonkhanitsa fumbi.

Ngati maswichi a kiyibodiyo amazulidwa ndi manja, pali muyeso wina wosataya ndalama. Swichi yodwala isinthanitsidwe ndi ya batani losagwira nchito kawirikawiri, monga Scroll Lock. Nthenda ikasamukira ku Scroll Lock, ndiye kuti swichi ndiyo yatha, ndipo O wacira kale. Ikatsala pa O, vuto liri m'kabowo kapena pa thabwa la mawaya, ndipo kugula swichi yatsopano kukadakhala kutaya ndalama. Pa makiyibodi oocheredwa, mmisiri amayamba wasungunulanso mtovu wa pa miyendo iwiri ya swichi, ndipo amaicotsa pokhapokha zimenezi zikalephera. Kiyibodi wamba ya labala kawirikawiri mtengo wake ndi wocepa kuposa malipiro a mmisiri, motero imangosinthidwa yonse.

Kwa ofesi imene imalemba manambala a ndalama, lamulo labwino ndi lakuti sefa ikhale ya masiku odikira swichi kapena kiyibodi yatsopano, osati ya zaka. Amene waiika alembe pa pepala tsiku ndi nambala imene wasankha, ndipo ayesenso pakapita mwezi, pokumbukira kuti `evtest` imaona zikanikizo zisanafike pa sefa ya m'kompyuta, kotero imaonetsabe nthenda monga iriri. Ngati mpata wabodza wakhala pomwepo, sefa ingapitirize nchito. Ngati wakula, nthawi yoitana mmisiri yakwana.